“Vidiyo yathu ili pati?” Yankho limene kasitomala akudikira

Ukwati ukatha, foni ya mkonzi wa vidiyo sipuma. Akuchikazi akufuna kuona mwana wawo akulowa m'tchalitchi, achibale a ku Joni akufunsa linki, ndipo apampando a komiti, amene anapereka dipoziti, akufuna kudziwa ngati ndalama yawo siinalowe m'madzi. Akonzi ambiri ogwira ntchito paokha amangoyankha kuti “ikukwera pa intaneti”. Mawuwa amakhala oona, koma kasitomala amamva ngati pakangopita mphindi zochepa aonera. Dzuwa likalowa linki isanabwere, mkangano umayambira pomwepo.

Gwero la vutoli ndi lakuti vidiyo ikatha kukonzedwa imadutsabe m'masitepe atatu amene kasitomala saaona. Choyamba, mkonzi amadina `Export` mu pulogalamu yake, kaya ndi Premiere Pro kapena DaVinci Resolve, kuti zidutswa zonse za zithunzi, mawu ndi nyimbo zigwirizane n'kukhala fayilo imodzi. Kenako fayiloyo imakwezedwa pa intaneti. Ikafika, YouTube kapena Google Drive imayamba kuikonzanso kuti itheke kuonereredwa pa foni. Uthenga wabwino umatchula sitepe imene ntchito ili, osati kungoti ili m'njira.

Tiyerekeze vidiyo ya ukwati ya mphindi 40, yooneka bwino pa mlingo wa 1080p. Mkonzi waitulutsa pa 20 Mbps, kutanthauza kuti sekondi iliyonse ya vidiyoyo ikutenga mamegabiti 20. Mphindi 40 ndi masekondi 2,400, choncho yonse ndi mamegabiti 48,000. Mukagawa ndi 8 mupeza mamegabayiti 6,000, amene ndi pafupifupi 6 GB. Ngati netiweki ya mkonziyo ikukweza pa 4 Mbps, ntchitoyo itenga masekondi 12,000, omwe ndi maola atatu ndi mphindi 20.

Apa m'pamene ambiri amapusitsika. Akayeza liwiro la intaneti amaona nambala ziwiri, `Download` ndi `Upload`, n'kugwira yoyambayo chifukwa nthawi zambiri ndiyo imakhala yaikulu. Koma pokweza fayilo, imene ikugwira ntchito ndi yachiwiri. Wolonjeza nthawi potengera nambala yotsitsira amadzipachika yekha.

Tsono mkonzi wathu wayamba kukweza 1 koloko masana, ndipo pofika 3 koloko kompyuta ikuonetsa 60 peresenti. Zatsala ndi 2.4 GB, zimene zitenga ola limodzi ndi mphindi 20 netiweki ikapanda kufooka. Uthenga wake kwa apampando a komiti ungamveke motere:

“Mwaswera bwanji mayi? Vidiyo ya ukwati ndamaliza kukonza, ndi ya mphindi 40. Panopa ikukwera pa YouTube ndipo yafika pa 60 peresenti. Netiweki ikakhala mmene ililimu, imaliza cha m'ma 4:30. Ikakwera, YouTube imafunanso nthawi yoikonza, ndiye linki ndikutumizirani pofika 7 koloko madzulo ano. Idzaoneka kwa okhawo amene ali ndi linkiyo, chonde musayambe mwaigawa. Mukaonera, mundithandize kuona ngati maina a akwati ndi ankhoswe alembedwa bwino, ndipo chofunika kusintha mundiuze pofika Lachinayi, motchula mphindi yake. Ndikakonza ndipo ndalama yotsala ikalowa, ndidzatumiza fayilo yeniyeni yopanda chidindo. Magetsi kapena netiweki zikavuta, ndikudziwitsani 7 koloko isanakwane. Zikomo.”

Taonani kuti mkonziyo sanalonjeze 4:30 ngati nthawi yoonera. Wasiya danga la maola awiri ndi theka, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Vidiyo ikangofika, YouTube imayamba yatulutsa ya mlingo wotsika, yooneka mwachimbuuzi, kenako ya 1080p imabwera pambuyo, nthawi zina patapita maola. Kasitomala akatsegula linki nthawi imeneyo amaona nkhope ya mkwatibwi yosalongosoka n'kuganiza kuti kamera inali yachabechabe. Mkonzi wodziwa ntchito amayamba watsegula yekha vidiyoyo, n'kulowa pa `Quality` kuti aone ngati 1080p yatulukira. Ngati palibe, ndiye kuti YouTube ikadali pa ntchito, ndipo linki iyenera kudikira.

Nkhani ya maina si yaing'ono. YouTube siilola kuchotsa fayilo n'kuika ina pa linki yomweyo. Dzina la nkhoswe likalakwika ndi chilembo chimodzi, mkonzi ayenera kukonza, kutulutsanso vidiyo yonse, kukwezanso 6 GB, ndipo linki imakhala yatsopano. Amene analandira yakale amapitiriza kuonera cholakwikacho, kapena amapeza vidiyo itafufutidwa. N'chifukwa chake yoyambayo amaiika pa `Unlisted`, kuti isatuluke anthu akamafufuza, ndipo amapempha kasitomala kuti aisunge kaye. Amapemphanso kuti zosintha zibwere pamodzi komanso ndi mphindi yake. Mawu akuti “pa 12:40 dzina likhale Chisale osati Chisala” amakonzedwa mwamsanga, pamene akuti “pali dzina lina lalakwika chapakati” amachititsa mkonzi kuonera vidiyo yonse akusakasaka.

Pali zina ziwiri zimene zingaimitse ntchito, ndipo ndi bwino kuzitchula msanga. Akaunti ya YouTube yosatsimikiziridwa ndi nambala ya foni siilandira vidiyo yoposa mphindi 15, moti ngati vidiyo ikupita pa tchanelo cha kasitomala, iye ndi amene ayenera kutsimikizira kukweza kusanayambe. China ndi nyimbo. Zimene woimbitsa anaika pa perekaniperekani zili ndi eni ake, ndipo makina a YouTube otchedwa Content ID amazizindikira. Mwini nyimbo akhoza kuilola n'kumadya ndalama za malonda otuluka pa vidiyoyo, kapena kuitseka m'maiko ena. Zikatero, wachibale wa kunja amapeza kuti sikuseweredwa pamene kuno ikuoneka bwinobwino. YouTube imaonetsa chenjezoli pa gawo la `Checks`, ndipo mkonzi ayenera kuuza kasitomala kuti asankhe pakati pa kusintha nyimboyo ndi kuisiya.

Sitepe yomaliza ndi yopereka fayilo yeniyeni. Ambiri amati ingoponyedwa pa WhatsApp, koma WhatsApp imafinya vidiyo yotumizidwa mwachizolowezi, ndipo ngakhale itumizidwe ngati `Document` siingapose 2 GB. Ya 6 GB ija siikwana. Google Drive ingathe, koma malo aulere ndi 15 GB okha, ophatikizapo Gmail ndi Google Photos, choncho mkonzi sangasunge maukwati ambiri nthawi imodzi. Ayenera kunena tsiku limene adzafufute fayiloyo, komanso kuchenjeza kuti kuitsitsa kudzadya bandulo ya 6 GB kwa kasitomala mwini. Ngati onse ali m'tauni imodzi, kukumana n'kuikopera pa fulashi kumakhala kotsika mtengo kwa onse awiri.

Inu amene mukudikira vidiyo ya ukwati, ya kwaya kapena ya bizinesi yanu, mukayankhidwa kuti “ikukwera” musayambe mwapsa mtima. Funsani kuti fayiloyo ndi ya ma GB angati, yafika pa maperesenti angati, linki muilandira nthawi yanji, ndiponso kuti inuyo muchite chiyani mukaiona.