Chidziwitso: Malamulo Atsopano Ogwiritsira Ntchito VPN ku Dedza

Unduna ukudziwitsa ogwira ntchito ake onse m'boma la Dedza kuti Mkulu woyang'anira za makompyuta wakhazikitsa malamulo atsopano olowera pa VPN.

VPN imabisa uthenga pamene ukuyenda pakati pa kompyuta ya wogwira ntchito ndi makina a kulikulu ku Lilongwe. Imateteza njira yokha. Siichotsa vayirasi imene ili kale m'kompyuta. Pachifukwa ichi, makompyuta a ofesi okha ndiwo adziloledwa kulowa.

Kuwonjezera pa mawu achinsinsi, aliyense adzilemba nambala ya manambala 6 yooneka pafoni yake, imene imasintha pa masekondi 30 aliwonse. Nambalayo ikakanidwa mobwereza, kawirikawiri wotchi ya foni imakhala itasokonekera, ndipo iyenera kukonzedwa kaye. Kubwerekana dzina lolowera nkoletsedwa, popeza chilichonse chochitika chimalembedwa m'dzina la mwini wake.

Lamulo lomaliza likukhudza madera a kumapiri kumene netiweki imadukaduka. Mwachitsanzo, wogwira ntchito ku Bembeke akamatumiza mndandanda wa malipiro netiweki nkuduka, VPN nayo imaduka. Zikatero, kompyuta idzitseka intaneti yonse mpaka VPN italumikizananso. Iye adikire kuti mawu akuti Connected aonekenso, kenaka atsimikize ngati mndandandawo unafika asanautumizenso. Kuutumiza pa WhatsApp pofuna kufulumira nkuphwanya malamulowa.

Wotaya foni kapena kompyuta adziwitse ofesi ya za makompyuta tsiku lomwelo kuti dzina lake litsekedwe.