Imelo Yothokoza Wapampando Intavyu Ikatha

Ofunafuna ntchito ambiri akatuluka m'chipinda cha intavyu amamasula tayi, kuyatsa foni n'kuyamba kudikira. Ena ochepa amachita chinthu chimodzi chowonjezera tsikulo lisanathe, kulembera wapampando wa gulu lofunsa mafunso kaimelo kothokoza. Mwambo umenewu ndi wozika mizu m'makampani a ku America, ndipo kuno wafika kudzera m'mabungwe omwe si aboma, mabanki ndi makampani amene amaitana anthu ku intavyu pa imelo. Ena amautama ngati mankhwala opezera ntchito, ena amauona ngati kunyengerera mabwana. Onse awiri amalakwitsa, chifukwa sadziwa zimene zimachitika m'chipindamo wofunsidwa akangotseka chitseko.

M'mabungwe ambiri amene amayendetsa zinthu mwadongosolo, aliyense wa ofunsa aja amakhala ndi pepala la malikisi. Mafunso amakhala atakonzedwa kale, ofanana kwa onse, ndipo funso lililonse lili ndi malikisi ake. Wofunsidwa akatuluka, kapena tsiku likamatha, amaphatikiza malikisi, kusanja maina, n'kusainira mapepala. Choncho imelo yofika madzulo kapena m'mawa mwake kawirikawiri imapeza malikisi atatsekedwa kale. Munthu amene wayankha mosokonekera sangadzipulumutse ndi zikomo, ngakhale atamulemba mwaluso bwanji.

Nanga phindu lake lili pati? Lili pa zimene zimatsala malikisi akatha. Wapampando ndiye amatsogolera kulembedwa kwa lipoti lopita kwa akuluakulu. Anthu awiri akafanana mphamvu, iye ndiye amatsogolera kukambirana. Woyamba akakana ntchito chifukwa cha malipiro, amayang'ana dzina lachiwiri pa mndandanda. Ndipo pakapita miyezi ingapo mpata wina n'kutseguka, amakumbukira ena mwa anthu amene anawaona, ena ayi. Munthu amene wamva mayankho a anthu 8 kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka sasunga nkhope zonse. Amasunga nkhani imodzi kapena ziwiri. Ntchito ya imeloyi ndi kumangirira dzina la wolemba ku nkhani imodzi yotero.

N'chifukwa chake imelo yongoti "zikomo pondipatsa mwayi, ndikuyembekezera kumva kuchokera kwa inu" ilibe ntchito. Si yoipa, koma wina aliyense mwa anthu 8 aja akanatha kuilemba, ndipo akanatha kuitumiza ku kampani ina iliyonse osasintha liwu. Imelo yothandiza imatchula chinthu chimene chinanenedwa m'chipindamo, chimene munthu amene sanalowemo sangachidziwe.

Tiyerekeze mayi wina amene wafunsira ntchito yosunga katundu ku bungwe lina logawa mbewu ndi feteleza kwa alimi. Intavyu yachitika Lachiwiri m'mawa ku Lilongwe, ofunsa anali anayi. Mkati mwa zokambirana wapampando wadandaula kuti kumapeto kwa mwezi chiwerengero cha matumba cholembedwa pa sitoko khadi sichigwirizana ndi cha pa kompyuta, ndipo wafunsa mayiyu mmene angathetsere vutolo. Iye wayankha bwino ndithu za kuwerenga katundu pafupipafupi, koma ali mu minibasi wakumbukira kuti sanatchule chinthu chimene ankachita kuntchito yake yakale. Madzulo a tsiku lomwelo akulemba. Pamzere wa `Subject` akuika mawu oti "Zikomo: intavyu ya wosunga katundu, Lachiwiri", kenako uthenga wake:

"Wokondedwa Bambo Uje, zikomo inu ndi anzanu atatu aja chifukwa cha nthawi imene munandipatsa lero m'mawa. Ndakhala ndikuganizira zimene munanena za kusiyana kwa sitoko khadi ndi kompyuta kumapeto kwa mwezi. Komwe ndinkagwira kale, vutoli linachepa titayamba kufananiza mapepala olandirira ndi otulutsira katundu Lachisanu lililonse, chifukwa cholakwika chinkapezeka chikadali cha sabata imodzi. Zokambirana zathu zandilimbikitsa kuti ntchitoyi ndingaigwire bwino. Chonde mundithokozerenso kwa anzanu aja. Ine wanu," n'kulemba dzina lake lonse ndi nambala ya foni.

Uthengawu uli pano m'Chichewa, koma lamulo lake n'lakuti imelo imalembedwa m'chilankhulo chimene intavyu inachitikira, ndipo m'maofesi ambiri chimenecho ndi Chingerezi. Kamangidwe kake sikasintha. Chiganizo choyamba chikuthokoza ndi kukumbutsa tsiku. Chachiwiri chikutchula vuto limene wapampando mwiniwake ananena, ndipo apa m'pamene iye amaimira kuwerenga mothamanga, chifukwa akumva mawu ake omwe. Chachitatu chikupereka kanthu kamodzi kogwirika, kokhala ndi tsiku lake ndi chifukwa chake. Otsalawo akutseka mwaulemu. Mawu onse safika 100, ndipo amakwana pa sikirini ya foni popanda kutsitsa kwambiri, zomwe n'zofunika chifukwa mabwana ambiri amawerengera maimelo pa foni pakati pa misonkhano.

Zimene mayiyu wasiya nazo n'zofunika kuziona. Sanabwereze sivi yake, poti ili kale m'faelo. Sanapepese kuti anayankha moperewera, chifukwa kutero n'kukumbutsa wapampando chofooka chimene mwina sanachione n'komwe. Sanafunse kuti zotsatira zituluka liti, sanatchule za malipiro, ndipo sanalembe za ana amene akusowa fizi. Mavuto akunyumba ndi enieni, palibe angatsutse, koma akalowa mu imelo yotere amasandutsa kuthokoza kukhala kupempha chifundo, ndipo wapampando wachilungamo amayamba kumangika.

Pali msampha wina pa chiganizo chachitatu chija. Munthu akaona kuti funso lina analiphonya, amafuna kuliyankhanso lonse mu imelo, ndime zitatu, mwina n'kuphatikizapo chikalata. Kumeneko n'kupempha intavyu yachiwiri imene anzake sanapatsidwe, ndipo gulu losamala limangounyalanyaza uthenga wotero. Chiganizo chimodzi chowonjezera chimaoneka ngati munthu woganizira ntchito. Tsamba lathunthu limaoneka ngati munthu wolimbana ndi malikisi. Chosiyana ndi pamene ofunsa anapempha okha kanthu, monga satifiketi imene inaiwalika kapena nambala ya munthu wochitira umboni. Zikatero imelo yothokoza ndiyo malo abwino otumizirapo, ndipo chikalatacho chipatsidwe dzina lomveka lokhala ndi dzina la mwini wake.

Malire aakulu ali pa nkhani yokopa ofunsa. Zidziwitso zambiri za ntchito m'nyuzipepala monga The Nation ndi The Daily Times zimachenjeza kuti aliyense woyesa kukopa olemba ntchito mwamseri adzachotsedwa pa mpikisano. Imelo yothokoza yotumizidwa intavyu itatha, ku adiresi ya kuntchito, yosapempha kanthu, kawirikawiri siigwera m'gulu limeneli. Koma mzere wake ndi wopyapyala. Mawu ngati "ndikudziwa kuti mundiganizira", kapena kukumbutsa wapampando kuti mumachokera boma limodzi, mumapemphera mpingo umodzi kapena mumadziwana ndi malume ake, awoloka kale mzerewo. Kulonjeza kangachepe, ngakhale moseka, ndi nkhani ya ziphuphu, ndipo pa maudindo a boma imeneyo ndi nkhani imene bungwe la Anti-Corruption Bureau limafufuza.

Ntchito za boma zili ndi chikhalidwe chawochawo. Kumeneko anthu amalembedwa kudzera m'makomishoni monga Civil Service Commission, Teaching Service Commission ndi Health Service Commission, ndipo kulumikizana kumadutsa mu ofesi, osati kwa komishonala payekha. Wofunsidwa kumeneko nthawi zambiri sapatsidwa n'komwe adiresi ya wapampando, ndipo kuisakasaka n'kudziika pamavuto. Nzeru ndi kuthokoza pakamwa potuluka, basi. Imelo imeneyi ndi ya kumene bungwe lenilenilo linayamba kulankhula ndi munthu pa imelo.

Funso la adiresi limavuta ngakhale m'mabungwe ena. Ngati wapampando anapereka khadi lake, kapena adiresi yake inali pa uthenga woitanira ku intavyu, njira ndi yotseguka. Ngati ayi, wolemba ayankhe uthenga woitanira uja, umene kawirikawiri umachokera ku ofesi yoona za ogwira ntchito, n'kupempha kuti amuperekere kuthokoza kwa wapampando. Njira imeneyi ili ndi ubwino wake, chifukwa zonse zimachitika poyera. Chosayenera ndi kupempha nambala ya bwana kwa mlonda kapena kwa mnzako wogwira komweko n'kuyamba kumutumizira mauthenga pa WhatsApp usiku. Apo funso loyamba la wapampando limakhala lakuti nambala yake yapezeka bwanji. Pamene uthenga woitanira unapita kwa anthu ambiri nthawi imodzi, wolemba asamale kusiyana kwa `Reply` ndi `Reply all`, kuopa kuti zikomo wake angafikire opikisana nawo onse.

Dzina nalo limagwetsa anthu. Ofunsa amadzitchula mothamanga pamene wofunsidwa mtima uli m'mwamba, ndipo pofika kunyumba dzina lasokonekera, kapena dokotala wasanduka bambo wamba. Wokonzekera bwino amalowa ndi kabuku n'kulemba maina ndi maudindo pomwepo, ndipo akatuluka amalembanso mfundo ziwiri zimene wapampando anazitsindika zisanazimiririke m'mutu. Ngati dzina lakayikitsa, kulemba "Wokondedwa Wapampando" n'kwabwino kuposa kulemba dzina lolakwika.

Za nthawi, chizolowezi ndi kutumiza pasanathe maola 24, mkati mwa nthawi yantchito. Kutumiza uli pageti kumaonetsa kuti uthengawo unalembedwa intavyu isanachitike. Kutumiza patatha sabata kumamveka ngati kufunsa zotsatira mozembera. Amene walemba usiku angagwiritse ntchito `Schedule send` ya mu Gmail kuti uthenga ufike 8 koloko m'mawa, ndipo intavyu ya Lachisanu masana imelo yake ipite tsiku lomwelo asanaweruke, apo ayi Lolemba m'mamawa. Asanatumize awerenge mokweza kamodzi, makamaka ngati walemba pa foni imene imasintha yokha maina achilendo.

Yankho nthawi zambiri silibwera, ndipo zimenezo sizitanthauza kanthu. Apampando ambiri amapewa dala kuyankha munthu mmodzi chisankho chisanalengezedwe, kuopa kuoneka okondera. Imelo yachiwiri yofunsa ngati yoyamba inafika imawononga zimene yoyamba inakonza. Ngati gulu linanena kuti zotsatira zituluka pakatha masabata awiri, wofunsidwa adikire masabatawo athe, apatsepo masiku ena awiri kapena atatu, kenako afunse ku ofesi yoona za ogwira ntchito, osatinso kwa wapampando.