Kalata yopempha kuti mwana wodwala alembe mayeso mochedwerapo

Kalata yopempha sukulu kuti mwana alembe mayeso tsiku lina imalembedwa ndi kholo kapena womulera mwanayo, ndipo imapita kwa mphunzitsi wamkulu. Ntchito yake ndi kudziwitsa sukulu kuti mwana wadwala kwambiri, kupereka umboni wa kuchipatala, ndi kutchula chimene banja likupempha. Uthenga wapakamwa wodzera kwa mnzake wa m'kalasi, kapena foni yoimbira mphunzitsi wodziwana naye, sizilowa m'malo mwa kalatayi. Pomwe aphunzitsi akuwonkhetsa malikesi, chimene chimawonedwa ndi zolembedwa, ndipo mwana amene palibe pepala lomunenera amawerengedwa ngati wangojomba.

Kholo lisanagwire cholembera, liyenera kudziwa kaye kuti mayesowo ndi a yani, chifukwa mphamvu za mphunzitsi wamkulu zili ndi malire. Mayeso a pakati pa teremu ndi otsekera teremu amakonzedwa ndi aphunzitsi a pasukulu pomwepo. Amenewa sukulu ikhoza kumusunthira mwana tsiku, kumukonzera mafunso ena, kapena kumuweruza potengera mmene wakhala akukhozera m'mbuyomu. Koma mayeso a Sitandade 8, a Folomu 2 ndi a Folomu 4 ndi a bungwe la MANEB, lomwe linakhazikitsidwa mu 1987 ndipo likulu lake lili ku Zomba. Pepala lililonse limalembedwa tsiku limodzi ndi nthawi imodzi m'dziko lonse la Malawi, ndipo likangotsegulidwa mafunso ake sakhalanso chinsinsi. Mphunzitsi wamkulu, ngakhale atamva chisoni chotani, sangamusungire mwana pepala loterolo mpaka atachira. Makolo ambiri amakhumudwa pamenepa poganiza kuti ahedi akungouma mtima, pomwe chimene apemphacho sichili m'manja mwawo.

Choncho pa mayeso a boma pempho limasintha. Kalata imapempha sukulu kuti idziwitse oyang'anira mayeso za matendawo, kuti imusungire mwanayo malo abwereze kalasi, ndiponso kuti dzina lake lisadzaiwalike polembetsa mayeso a chaka chotsatira. Ngati dokotala akuwona kuti mwanayo angathe kukhala pansi ndi kulemba, kholo likhoza kupempha sukulu kuti ifunse kwa akuluakulu a mayeso ngati pali njira yomuthandizira, koma yankho limachokera kumeneko, osati ku ofesi ya ahedi.

Kalembedwe kake ndi ka kalata ya ntchito: keyala ya wolemba ndi tsiku, keyala ya sukulu, malonje, kenaka mutu wa nkhani. Dzina la mwana lilembedwe lonse monga lilili m'kaundula wa sukulu, pamodzi ndi kalasi yake, ndipo ngati ali ndi nambala ya mayeso nayonso ilembedwe. Dzina la kunyumba lisalowemo, chifukwa pasukulu ya ana mazanamazana mayina amafanana. Kulemba m'Chingerezi si chikakamizo; kalata ya Chichewa chomveka imaposa ya Chingerezi chopunduka chimene chingasokoneze masiku.

Mwachitsanzo, mnyamata wa Folomu 3 wadwala tayifodi, matendawo afika pobowola matumbo, ndipo wachitidwa opaleshoni kutatsala sabata ziwiri kuti mayeso otsekera teremu yachitatu ayambe. Mayeso amenewa ndi olemera chifukwa ndi omaliza mwana asanalowe Folomu 4. Mayi ake, amene akumudwazika m'wodi, akhoza kulemba motere:

"Bambo, ndalemba kalatayi kukudziwitsani kuti mwana wanga, wa Folomu 3B, anagonekedwa kuchipatala cha boma pa 23 Juni ndipo anachitidwa opaleshoni ya m'mimba pa 24 Juni. Adokotala anena kuti akatuluka ayenera kupuma sabata zinayi, kotero sakwanitsa kulemba mayeso oyamba pa 7 Julaye. Ndikupempha kuti mumulole adzalembe sabata yoyamba ya teremu ikubwerayi. Ngati zimenezi sizingatheke, ndikupempha kuti muganizire zotsatira zake za materemu awiri apitawa. Ndaphatikiza kalata ya adokotala. Amalume ake abwera kuofesi kwanu Lachisanu kudzamva yankho. Ine wanu, mayi wa mwana."

Mphamvu ya kalata imeneyi ili pa pempho lake. Siyikunena kuti "mumuganizireko", mawu amene mphunzitsi wamkulu angavomere ndi mutu koma osachitapo kanthu. Yatchula nthawi yeniyeni, yaperekanso njira yachiwiri, kotero woyankha ali ndi choti asankhe. Nthawiyo yawerengeredwa kuchokera pa mawu a dokotala, osati pa chilakolako cha banja. Apa mpamene makolo amalakwitsa kawirikawiri: amatenga tsiku lotuluka m'chipatala ngati tsiku lochira. Mwana amene wangochotsedwa ulusi pamimba, akudya phala lokha ndipo amatopa akayenda kuchoka pakhonde kukafika kubafa, sangakhale pa desiki maola awiri akuwerengera masamu. Kupempha sabata imodzi kenaka n'kubweranso kudzapempha ina kumatopetsa aphunzitsi, amene amayenera kukonza mafunso atsopano nthawi iliyonse, popeza anzake a mwanayo akalewo anawaona kale.

Umboni wa kuchipatala ndiwo umasiyanitsa kalatayi ndi chodzikhululukira wamba. Wodalirika ndi kalata yolembedwa ndi dokotala kapena kiliniko ofesala amene akumuwona mwanayo, yokhala ndi dzina la mwana, tsiku limene anagonekedwa, nthawi yoti apume, siginecha ndi chidindo cha chipatala. Pepala lopanda chidindo limakayikitsa, ndipo masiku ake akasemphana ndi a m'kalata ya kholo, nkhani yonse imaoneka ngati yopeka. Mabanja ena amatumiza kabuku ka kuchipatala kenikeniko. Kuteroko n'kulakwitsa pawiri: kabukuko kamafunika kuwodi tsiku ndi tsiku, komanso muli mbiri yonse ya matenda a mwanayo kuyambira kalekale, imene sukulu siyikuifuna. Fotokope ya tsamba limodzi lokhudza kugonekedwaku ndi yokwanira.

Dzina la matenda silikakamizidwa kulowa m'kalata. Sukulu ikufuna kudziwa kuti mwana sangalembe, ndiponso mpaka liti. Mawu oti "akulandira chithandizo chimene chitenge miyezi iwiri" amakwana, makamaka pa matenda amene anthu amasalana nawo, poti kalata imadutsa m'manja ambiri isanalowe m'fayilo. Matenda opatsirana okha, monga kolera kapena chifuwa chachikulu, ndi amene mphunzitsi wamkulu ayenera kuuzidwa, kuti ana amene amagona naye chipinda chimodzi akawonedwe kuchipatala. Chifuwa chachikulu chimasonyezanso kuti kutalika kwa mankhwala si kutalika kwa kujomba: mankhwala ake amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi, koma ana ambiri amabwerera m'kalasi asanamalize, dokotala akavomereza.

Kalata ifike mayeso asanayambe. Yofika zotsatira zitatuluka imakhala dandaulo, ndipo kukonza zimene zalembedwa kale m'kaundula kumavuta. Ngati matenda agwa mwadzidzidzi m'mawa wa mayeso, foni itsogole, kalata itsatire pasanathe masiku awiri kapena atatu. Makope akhale awiri: imodzi isiyidwe kuofesi, inayo idindidwe, ilembedwe tsiku limene yalandiridwa, ndipo ibwerere kunyumba. Yankho nalo lipemphedwe molemba, ngakhale mzere umodzi pansi pa kope ya kholo, chifukwa aphunzitsi amasamutsidwa, ndipo mphunzitsi wamkulu amene adzapezeke teremu yotsatira akhoza kukhala wina amene sanamvepo za lonjezolo.