Wowerenga wothamanga amangoona chiganizo choyamba

Anthu ambiri amene timawalembera malipoti, makalata a kuntchito ndi zidziwitso sawerenga mawu onse. Amaona mutu, n'kuwerenga mzere woyamba wa ndime, maso n'kudumphira ku ndime yotsatira. Si ulesi ayi. Khansala amene walandira makalata ambirimbiri sabata imodzi, kapena kholo limene likuwerenga uthenga wa kusukulu pa foni lili m'minibasi, akufuna adziwe msanga ngati nkhaniyo ikumukhudza komanso chimene akuyenera kuchita.

Khalidweli akatswiri adaliyeza kale. M'chaka cha 1997, Jakob Nielsen, katswiri wofufuza momwe anthu amagwiritsira ntchito makompyuta, adapeza kuti mwa anthu amene adawayesa, 79 pa 100 alionse ankangoyendetsa maso pa tsamba latsopano la pa intaneti, ndipo 16 okha pa 100 alionse ndiwo ankawerenga liwu ndi liwu. Mu 2006 gulu lake la Nielsen Norman Group lidatsata maso a anthu 232 ndi makina, n'kuona kuti nthawi zambiri maso amayenda mojambula chilembo cha F. Munthu amawerenga mzere wa pamwamba pafupifupi wonse, amatsika pang'ono n'kuwerenga gawo chabe la mzere wina, kenako amangotsetsereka m'mphepete mwa kumanzere akutola mawu oyambirira a mizere. Kafukufukuyu adali wa zowerenga pa kompyuta, koma aliyense amene adaonako bwana akutembenuza masamba a lipoti msonkhano utayamba kale akudziwa kuti papepala zimachitikanso.

Choncho chiganizo choyamba cha ndime chiyenera kunena mfundo yeniyeniyo, osati kungolengeza kuti mfundo ikubwera. Apa ndi pamene alembi ambiri amaphonya. Kusukulu tidaphunzira kuti ndime iyambe ndi chiganizo chosonyeza zomwe ikukamba, ndiye timalemba kuti, “Tsopano tione nkhani ya ndalama.” Chiganizochi chatchula mutu, koma sichinauze munthu kalikonse. Ndalamazo zakwana? Zasowa? Zabedwa? Wowerenga wothamanga wadutsa pandimeyo chimanjamanja.

Tiyerekeze kuti mjigo wa m'mudzi wawonongeka, ndipo mlembi wa komiti ya mjigo akulembera khansala lipoti la ndime zinayi. Manambala ake ndi ongoyerekeza, koma kalembedwe kake mudzakazindikira. Ndime yoyamba ikuyamba motere: “Mogwirizana ndi zomwe tidakambirana pamsonkhano wathu wa mwezi watha, komiti yathu idaona kuti n'kofunika kukudziwitsani momwe zinthu zilili kuno.” Yachiwiri: “Mekaniki wa m'dera lino adabwera Lachitatu kudzaona mjigo.” Yachitatu: “Kumbali ya ndalama, monga mukudziwa, khomo lililonse limasonkha K500 pamwezi.” Yachinayi: “Pomaliza, tikuthokoza chifukwa cha mgwirizano umene ulipo pakati pa komiti yathu ndi ofesi yanu.”

Khansala akangowerenga ziganizo zinayizo, angaganize kuti zonse zili bwino. Waona msonkhano, mekaniki amene adabwera, anthu amene akusonkha, ndi mawu othokoza. Chikalatacho achiika pansi pa zinzake. Chonsecho mlembi uja sadabise kanthu: pakati pa ndime yachiwiri adalemba kuti silinda idang'ambika ndipo ndodo zina zidadyeka, kumapeto kwa yachitatu adanena kuti ndalama zaperewera, ndipo pempho lenilenilo lili m'chiganizo chomaliza cha kalata yonse, pamwamba pa siginecha. Zonse zilimo, koma zili pamalo pomwe maso othamanga safika.

Kukonza kwake sikufuna kulemba lipoti latsopano, koma kusamutsa ziganizo. Pa ndime iliyonse mlembi adzifunse kuti: munthuyu atangowerenga chiganizo chimodzi chokha muno, ndikufuna atole chiti? Kawirikawiri yankho amalipeza kumapeto kwa ndime, chifukwa tikamalemba koyamba timakhala tikuganiza, ndipo mfundo imatulukira tikatsala pang'ono kumaliza. Achitenge chiganizo chimenecho, achikweze pamwamba, zotsalazo zikhale zochiikira umboni.

Lipoti lija likakonzedwa, ziganizo zake zoyamba zikhala izi. “Mjigo wa m'mudzi mwathu wakhala wosagwira ntchito kwa masabata atatu, ndipo makomo 60 akutunga madzi kumtsinje.” Kenako: “Kukonza mjigowu kufuna K210,000, chifukwa silinda ndi ndodo zinayi ziyenera kusinthidwa.” Kenako: “M'thumba la komiti muli K84,000 yokha, kotero tikuperewera K126,000.” Ndipo chomaliza: “Tikupempha ofesi yanu itithandize kupeza K126,000 imeneyi mwezi uno usanathe.” Ziwerengeni zokha motsatizana: vuto, mtengo wake, chimene chikusowa, pempho. Munthu amene sanawerenge china chilichonse wamva nkhani yonse. Amene akufuna kudziwa chifukwa chimene thumba lachepera atsikira m'ndime yachitatu, n'kupeza kuti makomo ena sanasonkhe kwa miyezi ingapo, komanso kuti komiti idagula marabala chaka chomwechi.

Kuwerenga ziganizo zoyamba zokha motsatizana ndiyo njira yabwino yoyesera cholemba chanu musanachitumize. Mukhozanso kupatsa mnzanu amene sakuidziwa nkhaniyo, aziwerenge zokhazo, kenako akuuzeni zomwe wamva. Akafotokoza nkhani ina yosiyana ndi yanu, musakangane naye. Vuto lili papepala. Kuyesaku kumaululanso zinthu zina zomwe simumazifunafuna. Mukapeza ziganizo ziwiri zikunena chimodzimodzi, ndiye kuti ndime imodzi njosafunika. Mukapeza ndime imene mukulephera kuifupikitsa m'chiganizo chimodzi, kawirikawiri ndiye kuti muli mfundo ziwiri zomwe zapanikizana, monga mtengo wa zipangizo ndi dandaulo lakuti mekaniki amachedwa kubwera. Zilekanitseni, iliyonse ikhale ndi ndime yake.

Choopsa kwambiri ndi ndime imene imayamba ndi mfundo ina, n'kudzatembenuka pakati ndi liwu lakuti “koma”. Taonani chidziwitso ichi cha kusukulu: “Ana onse a Sitandade 8 adzapita kukaona malo Lachisanu.” Patapita ziganizo zitatu m'pamene akuti, “Koma amene sanabweze kalata yachilolezo yosainidwa ndi kholo sadzakwera basi.” Kholo lothamanga latola chiganizo choyamba, ndipo Lachisanu mwana abwerera kunyumba akulira. Chiganizo choyambacho chimamveka bwino, ndipo n'chifukwa chake chasocheretsa: munthu sadaone chifukwa chopitirizira. Ngati pali choletsa, tsiku lomaliza, kapena gulu limene nkhaniyo sikulikhudza, zimenezo zilowe m'chiganizo choyamba chomwecho: “Ana a Sitandade 8 okhawo amene abweza kalata yachilolezo pofika Lachitatu ndiwo adzapite kukaona malo Lachisanu.” Alembi ena amayamba ndi maganizo amene akufuna kuwatsutsa, monga “Ambiri amati katemera amadwalitsa ana,” n'kudzawatsutsa mmunsi. M'nkhani yowerengedwa mofatsa zimenezi zimakoma. Pa chikwangwani cha kuchipatala, munthu wodutsa amangonyamula bodzalo n'kupita nalo kwawo.

Mawu oloza m'mbuyo nawonso amapha chiganizo choyamba. Ndime yoyamba ndi “Izi zachititsa kuti…” kapena “Chifukwa cha zimenezi…” imadalira kuti munthu wawerenga kumapeto kwa ndime yapitayo, komwe wothamanga sadafikeko. Tchulani chinthucho ndi dzina lake: “Kuchedwa kwa zopereka kwachititsa kuti…” Ziganizo zimalumikizanabe, ndipo aliyense akutsata. Chimodzimodzi ndi mawu oyalira njira monga “Monga tonse tikudziwa” ndi “Ndikofunika kudziwa kuti”. Poti maso amatola mawu oyambirira a mzere, ndipo pa foni mzere umodzi umangokwana mawu ochepa, malo amenewo ngodula. Asadyedwe ndi mawu opanda katundu.

Wina anganene kuti kuyamba ndi mfundo n'kupanda ulemu, ndipo nkhawa imeneyi ndi yomveka. Kwathu kuno mlendo safikira kunena chimene wadzera. Amayamba walonjeredwa, malonje n'kubwera pambuyo. Koma palibe amene akuti muchotse moni m'kalata. Upatseni mzere wakewake pamwamba, uthe pomwepo, ndipo ndime yotsatira iyambe ndi nkhani. Chimene chimavuta ndi kupereka moni pakhomo la ndime iliyonse. Kwa ine, kusunga nthawi ya munthu wotanganidwa ndi ulemunso, mwinanso woposa mizere itatu yomutamanda.

Palinso kulakwitsa kwa mbali inayo, komwe mlembi amathira zonse m'chiganizo choyamba mpaka chimatalika mizere isanu. Masiku, mayina a zipangizo, amene adabwera ndi amene adajomba, zonse mumodzi. Pamenepo chiganizo chija chasanduka ndime, ndipo wothamanga achisiyira panjira. Mfundo imodzi ndi nambala imodzi kapena ziwiri zofunikira zakwana. Ngati simungachinene mokweza osapumira pakati, chatalika.

Lamuloli si la cholemba chilichonse. Alexander Bain wa ku Scotland, m'buku lake la kalembedwe la 1866, ndi mmodzi mwa amene adafalitsa chiphunzitso chakuti chiganizo chotsegulira chizisonyeza zomwe ndime ikukamba, ndipo masukulu adachigwira zolimba kwa zaka zambiri. Koma mu 1974 Richard Braddock wa ku America atasanthula nkhani 25 za alembi odziwa ntchito, adapeza kuti ndime pafupifupi 13 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinkayamba ndi chiganizo chotere. Izi sizikutanthauza kuti alembiwo ankalakwitsa. Iwo ankalembera anthu amene akhala pansi kuti awerenge zonse. Nthano imene yaulula mathero ake pachiyambi yatha kukoma, ndipo kalata yonena za maliro kapena yopepesa m'bale imafuna kuti munthu afikitsidwe pankhaniyo pang'onopang'ono.

Chofunika kudziwa musanalembe, tsono, ndi momwe cholembacho chikawerengedwere. Maminitsi a msonkhano, lipoti la msungichuma wa banki mkhonde, kalata yofunsira ntchito, malangizo a kamwedwe ka mankhwala ndi uthenga wa pa gulu la WhatsApp la makolo zimawerengedwa ndi anthu oimirira, ena akuyankhula nawo, ena batire ikutha. Pa WhatsApp mpatawo ndi wochepa koposa, chifukwa munthu asanatsegule uthenga amangoona mawu ochepa oyambirira, ndipo uthenga wautali umadulidwa mpaka atadina kuti aone zotsala. Mlembi wa komiti ya mjigo akamatumiza lipoti lake kumeneko, mzere wonena za K126,000 ndi tsiku lomwe ikufunika ukhale pamwamba penipeni, moni akangotha.