"Mungowonjezerapo Pang'ono": Mawu Amene Amachedwetsa Nyumba

Tiyerekeze kuti mayi wina wagwirizana ndi mmisiri kuti nyumba yake ithe pa 31 Okutobala. Khoma litafika pa lintala, mayiyo akuti, "Abambo, malata aja akhale obiriwira." Mlungu wotsatira akufuna geti lachitsulo. Kenaka chimbudzi cha m'chipinda chogona. Chilichonse chikuoneka chaching'ono, mmisiri akungoti "chabwino, mayi." Novembala akafika nyumba isanathe, mkangano umabuka, ndipo palibe amene akukumbukira chimene chinadya masiku.

Mankhwala ake ndi kaundula wa zosintha, ndipo kope wamba la kusukulu ndi lokwanira. Pempho lililonse losapezeka m'pangano loyamba lipatsidwe nambala. Pambali pake palembedwe tsiku, amene wapempha, chimene chikusintha, mtengo wake, masiku owonjezera, ndi tsiku latsopano lomalizira. Onse awiri asaine ntchitoyo isanayambe. Tsiku la 31 Okutobala lisafufutidwe, chifukwa ndi pamene tikuyezera.

Povuta ndi powerengera masiku. Funso si lakuti ntchito yatsopanoyo itenga nthawi yaitali bwanji, koma lakuti ikuimitsa chiyani.

Pempho nambala 1 ndi la malata. Obiriwirawo ndi oitanitsa, afika pakatha masiku 14, pomwe kukhoma denga kumayenera kuyamba pakatha masiku 5. Ndiye kuti masiku otayika ndi 9, osati 14. Siling'i ndi pulasitala ya m'kati zimadikira denga, choncho zonse zasunthira limodzi, ndipo m'kope mulembedwe 9 Novembala.

Pempho nambala 2, geti, ndi ntchito ya masiku 4, koma wowotcherera akulipangira kushopu kwake ndipo palibe amene akulidikira. Mtengo wakwera, tsiku silinasunthe. Lembani 0. Ziro ameneyu ndimamulemekeza kwambiri, pakuti ndi amene amachititsa mwini nyumba kukhulupirira manambala enawo.

Chimbudzi ndicho chopweteka. Pansi anathira kale konkire, ndiye pafunika kuswa, kuyala mapaipi ndi kuthiranso, masiku 3. Konkire yatsopanoyo ithiriridwe masiku 7 woika matailosi asanalowe. Pamodzi 10, tsiku lafika pa 19 Novembala, mitambo yayamba kale kuda. Mayi uja akaona zimenezi papepala asanasaine, akhoza kunena kuti chimbudzicho chidikire chaka chamawa. Pempho lokanidwa nalonso likhalebe m'kope.

Kaundula amafa anthu akayamba kulemba pambuyo, ntchito itachitika kale. Mudzadziwa poona mapempho angapo olembedwa tsiku limodzi, opanda siginecha. Makampani akuluakulu salola zimenezi: m'mapangano a FIDIC, kontilakitala wofuna nthawi yowonjezera ayenera kudziwitsa pasanathe masiku 28, apo ayi ufuluwo umamuthera. Pa nyumba ya munthu mmodzi, zimene mwauzana pafoni madzulo zilowe m'kope m'mawa mwake, simenti isanasakanizidwe.