Fetereza ndi Zokolola: Manambala Ena Angolowa Tebulo

Ofufuza akayeza mvula, fetereza, kukula kwa munda ndi zokolola, zinthu zinayizi zimapanga mapeyala 6. Peyala iliyonse imalandira nambala ya pakati pa -1 ndi +1, yosonyeza ngati ziwirizo zimakwera limodzi. Tebulo limaonetsa onse, koma amene amangowawerenga motsatizana amasocheretsa anthu, ngati onse ndi ofunika mofanana.

Tiyerekeze kuti fetereza ndi zokolola zapereka 0.7, pomwe mvula ndi kukula kwa munda zapereka 0.05. Lembani za 0.7, chifukwa ndiye funso la mlimi. Chenjezaninso kuti wogula fetereza wambiri mwina ali ndi mbewu yabwino, kotero nambalayo sikutsimikiza kuti fetereza yekha ndiye wachititsa. 0.05 ingokhala m'tebulo. Komabe nambala yaing'ono imayenera chiganizo ngati mumayembekezera yaikulu, monga mvula ndi zokolola zikapereka 0.1.