Foni ikalira pashopu, mlendo waodira

Munthu akaodira pakhomo, Mmalawi woleredwa bwino safuula ali m'nyumba kuti, "Ndani?" Amayankha odi, kutuluka, kumupatsa mlendo pokhala, kumulonjera, kenaka n'kumva chimene wadzera. Koma tayesani kuimba manambala amene alembedwa pa zikwangwani za mashopu a mu Malangalanga kapena ku City Centre mumzinda wa Lilongwe. Nthawi zambiri mudzamva "Halo," kenaka zii, kapena "Eee, ndani?" wailesi ikusokosera kumbuyo. Woimba amayamba kukayika ngati waimba nambala yolondola.

Ndagwira ntchito zaka zingapo m'kashopu kogulitsa mapepala, zolembera ndi inki ya makina osindikizira ku Old Town. Makasitomala athu akuluakulu sankabwera ndi miyendo. Anali a m'maofesi a boma ku Capital Hill, a mabungwe ku City Centre, ndi ena okhala ku Area 10 kapena Area 43 amene safuna kulimbana ndi mdipiti wa galimoto pa mlatho wa Lilongwe asanatsimikize kuti katundu alipo. Ambiri a iwo sanaonepo nkhope zathu. Ankatidziwa ndi mawu a pafoni basi.

Zimene ndilembe pano ndinaziphunzira titaluza ndalama.

Tsiku lina Lachisanu m'mawa, foni ya pashopu inalira ine ndikupereka chenji kwa kasitomala wina. Ndinaipanikiza ndi phewa. Anali mayi wa ku ofesi ina ku Capital Hill, ndipo ankafuna mapepala oyera a A4 tsiku lomwelo, msonkhano wawo usanayambe. Monga mudziwa, ife Amalawi ngakhale tikulankhula Chichewa, manambala timawatchula m'Chingerezi. Mayiwo anati "fifitini". Ine ndi phokoso la maminibasi ndinamva "fifite". Sindinafunsenso ngati akunena mapaketi kapena makatoni. Paketi imodzi imakhala ndi mapepala 500, ndipo katoni imakhala ndi mapaketi asanu.

Ndinauza abwana kuti a ku Capital Hill akufuna makatoni 50. Pashopu panali makatoni 12 okha, ndiye abwana anathamanga kukatenga ena pangongole kwa wogulitsa zinthu zapikulitsa, n'kuchita hayala galimoto. Titafika, mayiwo anangogwira pakamwa. Iwo ankafuna makatoni 15, ndipo pepala lawo la oda linalembedwa momwemo. Tinabwerera ndi makatoni 35, hayala talipira kawiri, ngongole ili pakhosi. Choipitsitsa n'chakuti sindinalembe dzina lawo, moti tinataya pafupifupi ola tikuzungulira m'makonde a maofesi, kufunsa za "mayi ena ake amene anaimba m'mawa".

Madzulo ake abwana sanandikalipire kwambiri. Anagula kope la makobiri ochepa, n'kulimangirira ndi chingwe pa kauntala pamodzi ndi cholembera. Kuyambira tsiku limenelo tinagwirizana kayankhidwe kamodzi, ndipo ndi kamene ndikufotokoza apa.

Choyamba ndi malonje. Foni isalire kupitirira katatu. Ukaiyankha, unene zinthu zitatu motsatizana: moni, dzina la shopu, ndi dzina lako, kenaka upereke mpata. Mwachitsanzo: "Mwadzuka bwanji, kuno ndi ku shopu yakutiyakuti ku Old Town, mukulankhula ndi uje. Tikuthandizeni bwanji?" Moni amabwera koyambirira chifukwa mawu oyamba pafoni ya m'manja nthawi zina amadukiza netiweki isanakhazikike, ndiye kuli bwino adukize ndi moni kusiyana ndi dzina la shopu. Dzina la shopu limamutsimikizira woimba kuti sanasokere. Dzina lako limamupatsa munthu woti akamufunse mawa zinthu zikasokonekera.

Malonje a pafoni ya bizinesi sayenera kutalika ngati a pa mkeka. Mayunitsi amene akutha ndi a woimbayo. Akakufunsa kuti wadzuka bwanji, yankha mwaulemu kuti wadzuka bwino kaya iwo, koma za ana ndi za mvula zisiye pokhapokha ayambitse okha.

Dzina la woimba ulifunse malonje atatha, ndipo pali kafunsidwe kake. "Ndinu ndani?" imamveka ngati ya pa rodibuloko. "Ndingadziwe amene ndikulankhula nawo?" ikufunsa chomwecho koma simulasa munthu. Akakuuza dzina, ligwiritse ntchito: Bambo akuti, Mayi akuti. Mawu ngati "ankolo", "asisi" kapena "madala" ndi abwino pa msika wa Tsoka pamene mukuonana maso ndi maso, koma pafoni sudziwa ngati ukulankhula ndi mesenjala kapena mlembi wamkulu wa unduna. Komanso mawu amanamiza. Ndinawatchulapo mayi ena kuti "bambo" chifukwa cha mawu awo abesi, ndipo sanaimbenso. Ngati sunatsimikize, "inu" yekha ndi wokwanira.

Pa za chilankhulo, tsatira cha woimba. Lilongwe ili ndi maofesi a akazembe ndi mabungwe akunja, ndiye ena adzayankha moni wako m'Chingerezi. Ngati Chingerezi chako chimathera panjira, palibe manyazi kupempha kuti alankhule pang'onopang'ono kapena kuti atumize zimene akufuna pa uthenga wolemba. Kuvomera "yesi, yesi" pa zimene sunamve ndi kumene kumabweretsa makatoni 50.

Chachiwiri ndi kope lija. Foni iliyonse ya bizinesi tinkailemba pa mzere wakewake: tsiku ndi nthawi, dzina la woimba, kumene akuimbira, nambala yake, chimene akufuna, ndi chimene tawalonjeza. Ofesi ya boma siikwana kungolemba "Capital Hill", chifukwa kumeneko kuli maunduna ambiri m'nyumba zofanana maonekedwe. Funsa unduna, nthambi, ndi nambala ya chitseko. Nambala ya foni uifunse ngakhale ikuoneka pa foni yako, chifukwa ena amaimbira pa foni ya ofesi kapena yobwereka.

Ukatha kulemba, werenga mokweza zimene walembazo woimba akumva. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Manambala amene amamveka mofanana uwatchule limodzilimodzi: "Mwati makatoni 15, wani-faifi, a mapaketi asanu m'katoni iliyonse?" Chimodzimodzinso ndi malo. Mumzinda uno Area 13 ndi City Centre pamene Area 30 ndi ku likulu la apolisi, ndipo pafoni "sateni" ndi "sate" n'zovuta kusiyanitsa. Area 14 ndi Area 40, kapena Area 15 ndi Area 50, nazonso zasokeretsapo a kabaza ambiri. Nambala ya foni ya m'manja ili ndi manambala khumi, monga za TNM zoyamba ndi 088 kapena za Airtel zoyamba ndi 099. Ukaiwerenga n'kupeza asanu ndi anayi, dziwa kuti imodzi yagwera panjira, funsanso.

Kubwereza kotereku kumatenga masekondi osakwana 20, ndipo sindinakumanepo ndi kasitomala amene anakwiya nako. Pa oda yaikulu tinkawonjezera kutumiza uthenga wa pafoni wobwereza katundu, mtengo ndi nthawi yokapereka, kuti onse awiri tikhale ndi umboni.

Pali chinanso chimene wogulitsa ku maofesi a boma ayenera kumvetsa. Akaimba kufunsa mtengo, nthawi zambiri sakugula ayi. Akusonkhanitsa makotesheni kuchokera ku mashopu angapo, kawirikawiri atatu, kuti afananize. Choncho funsa mosabisa: "Kodi mukufuna kotesheni, kapena oda yatuluka kale?" Ngati ndi kotesheni, funsa kuti ifike liti, ilembedwe kwa ndani, ndiponso ngati mtengo ukhale wophatikiza msonkho. Usanyamule katundu chifukwa cha mawu a pafoni okha pepala la oda usanalione.

Chachitatu ndi zimene umachita pamene yankho ulibe, kapena abwana palibe. Mayankho amene amathamangitsa makasitomala ndi awa: "Sindikudziwa," "Eni ake kulibe," "Mudzaimbenso." Onsewa akumusenzetsa woimba ntchito imene ili yako. Nena kuti, "Abwana atuluka, abwera cha m'ma 2 koloko. Ndilembe uthenga wanu, kapena ndikuthandizeni ineyo?" Kumene apita si nkhani ya woimba. Kaya ali ku banki, ku chipatala kapena ku maliro, mawu akuti "atuluka" akukwana. Nambala yawo ya kunyumba usapereke asanakuloleze.

Ngati ukufunika kukayang'ana katundu kuseri, pempha kaye: "Mungadikire pang'ono ndikaone?" Ndipo dikira ayankhe. Ukaona kuti zitenga kupitirira mphindi imodzi, ndi bwino kudula n'kuwaimbira ndiwe. Apa pamafunika kutchula nthawi yeniyeni. "Ndikuimbirani posachedwa" sitanthauza kanthu, koma "ndikuimbirani isanakwane 11 koloko" ndi lonjezo. Nthawiyo ikakwana yankho usanalipeze, imbabe, unene kuti ukufufuzabe. Kumbukiranso kuti foni siitseka makutu ukaiika pa kauntala. Zimene mukunena za kasitomalayo, iye akumva.

Zimachitikanso kuti foni yalira uli ndi kasitomala pamaso pako, monga zinandichitikira tsiku lija. Amene wabwera ndi miyendo ndiye woyamba. Mupemphe kuti uyankhe mwachidule, lonjera woimbayo, tenga dzina ndi nambala, ndipo muuze kuti umuimbira pakatha mphindi zisanu. Kutumikira onse awiri nthawi imodzi kumatha ndi chenji cholakwika kuno ndi oda yolakwika uko.

Pa za malipiro, masiku ano anthu achenjera chifukwa cha akathyali amene amatumiza mauthenga akuti ndalama ija itumizidwe pa nambala iyi. Ngati kasitomala alipire pa Airtel Money kapena Mpamba, muuze nambala, ndipo muuzenso dzina limene lituluke pa foni yake asanatsimikize. Dzina likatuluka losiyana ndi limene akuyembekeza, ambiri amangosiya osatumiza, osakuuzanso chifukwa chake. N'chifukwa chake nambala ya pachikwangwani iyenera kukhala ya shopu, yokhala pashopu, yotchajidwa ngakhale magetsi athime. Isamapite kunyumba madzulo kukayankhidwa ndi ana.

Potsazikana, bwereza mwachidule zimene mwagwirizana, thokoza, ndipo lola woimba ayambe kudula ndi iye. Kawirikawiri munthu amakumbukira chinthu chomaliza atatsazika kale.

Mayi a ku Capital Hill aja anadzaimbanso patatha miyezi iwiri. Ndinawalonjera, ndinalemba, kenaka ndinawerenga: "Makatoni 20, thuu-ziro." Anaseka nati, "Lero ndiye mwamva bwino, mwanawe." Makatoni 35 aja tinawamaliza kugulitsa patatha miyezi inayi, ndipo nditachoka pa ntchito paja, kope la pa kauntala linali lachisanu ndi chimodzi.